Chepetsani mapikiseli choyamba: chithunzi cha 4 MB chifike pansi pa 500 KB

(Pa sikirini: imelo ili ndi zithunzi 8, kamzere kotumiza kaima pakati)

Moni nonse. Zithunzi 8 izi zajambulidwa pa foni, ndipo chilichonse chikulemera pafupifupi 4 MB. Zonse pamodzi ndi 32 MB, pomwe Gmail imalola 25 MB yokha pa imelo imodzi. Komanso imelo ikamatumiza fayilo imaisandutsa malemba, ndipo katunduyo amakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake nthawi zina imelo imabwezedwa ndi mbali yolandira ngakhale inu mumaona ngati simunadutse malire. Ngati netiweki ikutumiza pa liwiro la 1 Mbps, chithunzi chimodzi chokha cha 4 MB chimadya masekondi oposa 30, ndiye bandulo nayonso ikutha.

Lero titenga chimodzi mwa zithunzizi n'kuchipeputsa, koma chizionekabe bwino.

(Pa sikirini: tsatanetsatane wa chithunzi, 4000 x 3000)

Taonani manambala awiriwa. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiseli. Ichi chili ndi mapikiseli 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Mukachulukitsa, mupeza mapikiseli 12 miliyoni. Koma sikirini ya laputopu zambiri imatha kuonetsa 1920 x 1080 basi, kungopitirira pang'ono 2 miliyoni. Munthu amene mwamutumizirayo akatsegula chithunzichi, makina ake amachifinya okha kuti chikwane pa sikirini. Mapikiseli ochulukawo mwalipira deta yowatumizira, koma iye sanawaone n'komwe.

Apa ndiye pagona nkhani. Pali zinthu ziwiri zimene zimalemeretsa fayilo ya JPEG, mtundu wa fayilo umene zithunzi zambiri zimasungidwamo: kuchuluka kwa mapikiseli, ndiponso mmene fayiloyo yapanikizidwira, chimene mapulogalamu amalemba kuti Quality. Ambiri amathamangira chachiwirichi, n'kuchitsitsa mpaka 30 kapena 20, mapikiseli onse 12 miliyoni adakali pomwepo. Zotsatira zake, fayilo imakhalabe yolemererako koma chithunzi chanyansa. Ine ndimati yambani ndi mapikiseli. Mukadula utali ndi theka, ufupi ndi theka, mapikiseli satsala theka ayi, amatsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

(Pa sikirini: tsamba la squoosh.app)

Ndigwiritsa ntchito Squoosh, chida chaulere chimene chimatsegulidwa pa intaneti, kaya pa foni kaya pa kompyuta. Chimene ndimachikondera n'chakuti ntchito yonse imachitikira m'makina mwanu momwemo. Chithunzi chanu cha 4 MB sichikwezedwa kupita kwina kulikonse. Mawebusaiti ambiri opeputsa zithunzi amafuna mukweze kaye fayilo yonse, ndiye deta imene mumafuna kupulumutsa ija yatha kale.

Sankhani chithunzi. Kenako yatsani Resize, ndipo pa Width mulembe 1600. Nambala ya Height isintha yokha kukhala 1200, bola Maintain aspect ratio ikhale yochonga. Mukaichotsa, nkhope za anthu zimatalika kapena kuphwatalala. Tsopano tili ndi mapikiseli 1.92 miliyoni, kutanthauza kuti tachepetsa koposa kasanu ndi kamodzi, tisanakhudze china chilichonse.

Pansi pake siyani MozJPEG, imeneyi ndi JPEG wamba imene makina alionse amatsegula. Quality iikeni pa 80. Taonani nambala ili pakonapo: chithunzi chathu chatsika kufika cha m'ma 350 KB. Chanu chikhoza kusiyana. Chithunzi cha udzu, masamba kapena khamu la anthu chimalemera kuposa cha munthu mmodzi ataima kutsogolo kwa khoma loyera, chifukwa tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri sitipanikizika msanga. Cha usiku nachonso chimalemera, chifukwa chimadzaza timadontho tangati mchenga.

(Pa sikirini: kamzere kogawa chithunzi pakati kakukokedwa uku ndi uku)

Musasunge kaye. Kamzere aka kakukuonetsani chithunzi choyambirira kumanzere, chatsopano kumanja. Kulitsani, ndipo muyang'ane malo atatu amene amayamba kuonongeka. JPEG imagawa chithunzi m'timabokosi ta mapikiseli 8 x 8, ndiye mukapanikiza mopyola, timabokosito timayamba kuonekera pakhungu la munthu ndi m'malo amdima. Kumwamba, kumene mtundu umayenera kusintha mosalala, kumakhala mizeremizere. Ndipo m'mphepete mwa zilembo mumabwera timadontho tauve tozungulira chilembo chilichonse. Ndiloleni nditsitse mpaka 25 kuti muone bwino. Mwaona tsayalo? Laoneka ngati matailosi. Tibwerere pa 80, zonse zija zasowa. Pakati pa 75 ndi 85 m'pamene zithunzi zambiri zimaoneka bwino. Mukakwera kupyola 90, fayilo imalemera msangamsanga koma diso silipindula kwenikweni.

Zithunzi 8 zija, zikapeputsidwa chonchi, zonse pamodzi zikhala pafupifupi 3 MB.

Koma 1600 si nambala ya chilichonse. Ngati mwajambula kalata, lisiti kapena satifiketi, zilembo zing'onozing'ono zimafuna mapikiseli ambiri. Yambani mwadula m'mphepete, tebulo ndi zala zanu zichoke, kenako mbali yaitali muisiye pa 2000 kapena kuposerapo. Werengani mzere wa zilembo zazing'ono kwambiri musanatumize. Ngati 3 ndi 8 zikusokonezeka, mwachepetsa mopyola. Ngatinso wolandirayo akufuna kupulinta, werengerani mapikiseli 300 pa inchi iliyonse: chithunzi cha mainchi 4 x 6 chimafuna 1200 x 1800. Chikakhala chokapachika pakhoma, mutumizireni choyambirira chija mukapeza netiweki yabwino.

(Pa sikirini: mafayilo awiri, dzina la lachiwiri lasinthidwa)

Chonde, sungani chatsopanochi ndi dzina lina. Zimene JPEG yataya sizibwerera, ndipo kukulitsanso chithunzi chochepetsedwa kumangochichititsa chimbuuzi. Mukafuna kukula kwina, yambiraninso pa choyambirira, chifukwa nthawi iliyonse imene mwakonza JPEG n'kuisunganso, imaonongeka pang'ono.

Pali njira zina zimene anthu amayesa koma sizithandiza. Kuika zithunzi mu ZIP kumachotsa pang'ono zedi, popeza JPEG ndi yopanikizidwa kale. Kusintha nambala ya DPI yokha, ija yonena timadontho ta pa inchi iliyonse populinta, mapikiseli osasintha, sikupeputsa fayilo. Ndipo chithunzi cha kamera musachisunge ngati PNG. PNG ndi yabwino pa zojambula za mizere ndi malemba a pa sikirini, koma pa nkhope ndi mitengo imalemera kuposa JPEG kangapo.

Ngati muli pa iPhone ndipo mukutumiza kudzera pa Mail, mukadina kutumiza imakufunsani Small, Medium, Large kapena Actual Size, ndipo imaonetsa kulemera kwa chilichonse. Large ndi imene imakwanira kuonera pa kompyuta. Amene muli ndi zithunzi zambiri pa kompyuta ndipo muli ndi pulogalamu yokonzera zithunzi yotchedwa ImageMagick, pangani foda yotchedwa `zopepuka` mkati mwa foda ya zithunziyo, kenako mutsegule terminal mu foda ya zithunziyo n'kulemba izi:

```
magick mogrify -path zopepuka -resize "1600x1600>" -quality 80 *.jpg
```

Kachizindikiro ka `>` kakuuza pulogalamuyo kuti ichepetse zithunzi zokhazo zimene zapyola 1600, zazing'ono isazikulitse. Gawo la `-path zopepuka` musaliiwale, chifukwa popanda limenelo `mogrify` imalemba pamwamba pa zithunzi zanu zoyambirira.