Tijambule ulendo wa insulini mpaka ituluke m'selo

Eya, tengani pepala ndi pensulo tijambule limodzi. Titsata insulini, ija imapangidwa m'maselo a beta a m'kapamba.

Yambani ndi raibosomu, kamakina ka m'selo kopanga mapuloteni. Ayi, ayi, dikirani kaye, musaijambule itamatirira kale pa endopulazimiki retikulamu yokhakhala ija, ER ija, matumba olumikizana a m'kati mwa selo. Iikeni payokha m'saitopulazimu, m'madzimadzi a m'selo, ikuwerenga mRNA, uthenga wa kapangidwe ka puloteniyo. Ambiri amagwera pomwepa. Raibosomu zonse n'zofanana, palibe zobadwira pa ER. Chimene chimaikokera kumeneko ndi puloteni yomwe ikupangayo. Ma amino asidi 24 oyamba kutuluka ndi chizindikiro, ndiye kanthu kotchedwa SRP kamagwira chizindikirocho, ntchito n'kuima pang'ono, raibosomu n'kukokedwa mpaka pakhungu la ER. Pamenepo pali kabowo, Sec61. Ntchito n'kuyambiranso, tcheni cha puloteni n'kumalowa m'kabowomo chikupangidwa. Mwamva? Chikupangidwa, osati chitatha kale.

Panali mnyamata wina, ndinamuuza zomwezi, koma iye anakajambula puloteni yathunthu ikuyandama m'saitopulazimu kuchoka ku ER kupita ku Goloji, malo osankhira ndi kulongedzera mapuloteni. Ndinati, achimwene, ikalowa bwanji kumeneko? Puloteniyi imaboola khungu kamodzi kokha, pa ER basi. Kuchoka apo ulendo wonse imakhala m'kati mwa thumba. Kamodzi kokha.

Chabwino, tinali pati... eya, m'kati mwa ER. Chizindikiro chija chimadulidwa. Tcheni chonse chinali ndi ma amino asidi 110, chotsanipo 24, atsala 86, imeneyo ndiyo puroinsulini. Imapindika, n'kumangidwa ndi timilatho titatu ta salufa. Ikapindika molakwika sipita patsogolo, ER imaisunga, kenako imabwezedwa ku saitopulazimu kukaphwanyidwa. Zolakwikazi zikachuluka selo limapanikizika, ndipo pali mtundu wina wa matenda a shuga, wa makanda, umene umayamba chifukwa cha puroinsulini yopindika molakwika.

Yopindika bwino imalowa m'kathumba kokutidwa ndi mapuloteni otchedwa COPII, kathumbako n'kuthothoka, n'kukalumikizana ndi Goloji kumbali yoyang'ana ER. Muvi wobwerera musauiwale, wa COPI, umabweza mapuloteni a ER amene anatsatira mwangozi. Puroinsulini imadutsa Goloji mpaka mbali inayo.

Tsopano apa, pepani, ndibwerezenso manambala. M'kathumba kochoka ku Goloji asidi amachuluka, ndiye ma enzaimu amadula puroinsulini pawiri, ndikutanthauza malo awiri. Chapakati, C-peputaidi, chili ndi 31. Insulini imatsala ndi 21 ndi 30, zogwirana ndi timilatho tija. Mukawonkhetsa mupeza 82, osati 86. Musadabwe, anayi aja anali pamalo odulirapo, amasadzulidwa.

Timatumbato sitituluka pompo, timadikira. Shuga akakwera m'magazi, kashiamu amalowa m'selo, kathumba n'kuphatikana ndi khungu la selo, n'kutsegukira kunja. Pojambula musang'ambe khungulo, mzere wa kathumba upitirire kukhala mzere wa khungu la selo, ndipo panjapo mulembe ziwiri, insulini ndi C-peputaidi, poti zimatuluka limodzi, imodzi kwa imodzi.