Kuunika lipoti la PDF ngati gulu koma osakhudza mawu a mwiniwake

Zikomo a tcheya, zikomo amayi ndi abambo, bwerani pafupi inu akumbuyo muone bwino pa laputopupa. Amene mwachokera ku Chinamwali ndi ku Matawale ndikudziwa mwayenda, ndiye tingolowa mu nkhani.

Tiyerekeze kuti a sekilitale alemba lipoti la komiti yanu, masamba 6, alisandutsa PDF nkulitumiza pa Watsapu kuti anthu atatu aliunike lisanapite kwa otithandiza. Chimene ndikufuna mumvetse lero nchakuti mu PDF mawu a lipoti amakhala paokha, ndipo zomwe inu mukuikapo, kaya ndi utoto wachikasu, komenti kapena chidindo, zimasungidwa padera pamwamba pake. Zili ngati pulasitiki yoonekera imene timakutira kope la mwana, mukalemba ndi maka pa pulasitikipo zimaoneka ngati mwalemba pa kope koma mukafufuta kope lili bwinobwino. Nchifukwa chake komenti mutha kuisuntha, kuichotsa, mawu a sekilitale osasintha ngakhale chilembo chimodzi.

Pulogalamu yomwe ndatsegulayi ndi Adobe Acrobat Reader, yaulere, ilipo ya pa kompyuta ndi ya pa foni. Foxit PDF Reader imachitanso zomwezi. Musanayambe chilichonse onani dzina lanu kaye. Makompyuta ambiri amaofesi athuwa dzina lake ndi User kapena Admin, ndiye anthu atatu onse akalemba makomenti onse amatuluka ndi dzina loti User, sekilitale osadziwa kuti wanena izi ndani, akafunse ndani. Lowani mu Preferences, pa Commenting chotsani chongani pa Always use Log-in Name for Author name, kenako mutsegule Properties ya komenti yanu yoyamba mulembe dzina lanu pa Author nkuchonga Make Properties Default. Mukatero basi, makomenti otsatira azibwera ndi dzina lanu.

Tsopano tsamba 4, pa bajeti. Palembedwa mipando 25 pa mtengo wa K18,000 umodzi, pamodzi K405,000. A msungichuma awerengetsera apeza kuti 25 kuchulukitsa ndi 18,000 ndi K450,000, manambala angosinthana malo potaipa. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa, mtima umafuna kungokonza wekha. Amene ali ndi pulogalamu yolipira amadina Edit PDF nkusintha nambalayo, ayi chonde musatero. Uko nkusintha lipoti lenileni, palibe chizindikiro chotsala choti mwasintha, komanso fayilo ya Word yomwe a sekilitale anachokera ikadali ndi K405,000, mawa akatulutsanso PDF ina cholakwika chija chabwerera. Komanso mwina cholakwika si K405,000, mwina mtengo wa mpando unali K16,200 ndipo analakwitsa ndi pa 18,000 paja, inu simukudziwa, amene ali ndi kotesheni ndi iwowo.

Ndiye a msungichuma achite chonchi: asankhe Highlight, akoke pa K405,000 pokha, osati ndime yonse, kenako adine kawiri pachikasupo, katuluka kabokosi, alembe kuti 25 x 18,000 ikundipatsa K450,000, taonani kotesheni ngati mtengo uli bwino. Ine utoto wopanda mawu umandisowetsa mtendere, mumapeza tsamba lonse lachikasu ngati munda wa mpendadzuwa koma osadziwa kuti munthuyu wakonda kapena wadana nazo. Ngati mukutsimikiza kuti mawu ena achoke gwiritsani Strikethrough, imadula mzere pa mawuwo koma amawerengekabe, mwiniwake ndiye aganize zochotsa kapena ayi.

Mayi kumbuyoko akuti iwo anayesapo koma Highlight imakana kugwira mawu. Eya, imeneyo ndi PDF yosikana, kapena yojambula ndi foni. Mkati mwake mulibe zilembo, muli chithunzi cha pepala basi. Kuti mudziwe dinani Ctrl+F mufufuze liwu lomwe mukuliona ndi maso pa tsambapo, likapanda kupezeka ndi chithunzi chimenecho. Zikatero jambulani kabokosi ndi Rectangle kuzungulira malowo nkuika komenti pambali, kapena uzani a sekilitale atumize PDF yochokera mu Word mwachindunji.

Anthu atatu aja amaliza, aliyense wabweza fayilo yake. Pobweza muzisintha dzina, mwachitsanzo lipoti_msungichuma.pdf, chifukwa mafayilo atatu a dzina limodzi mu foni imodzi ndi chisokonezo. Ndipo muzingodina Save. Osadutsira ku Print nkusankha Microsoft Print to PDF poganiza kuti ndiye yasungika bwino, njira imeneyo imamata utoto wanu ku tsamba, sungachotsekenso, ndipo mawu a mu tibokosi tija nthawi zambiri amasoweratu, kumangotsala kachizindikiro kosatseguka. Mungadziwe bwanji kuti zachitika? Tsamba likuoneka lachikasu koma mndandanda wa Comments kumbali kuli mbee, mulibe kanthu.

A sekilitale sakuyenera kutsegula mafayilo atatu uku ndi uku ayi. Pa kompyuta, mu mndandanda wa Comments muli timadontho titatu, pamenepo pali Export All To Data File, imatulutsa kafayilo kakang'ono ka FDF kapena XFDF komwe muli makomenti okhaokha opanda lipoti, moti aliyense wounika akatumiza kameneko kwa a sekilitale bandulo sipita kwenikweni. Iwo atsegula lipoti lawo loyamba lija, asankha Import Data File, alowetsa wa munthu woyamba, wachiwiri, wachitatu, zonse zaunjikana pa fayilo imodzi aliyense ndi dzina lake. Koma apa pali malire: komenti imakumbuka nambala ya tsamba ndi malo pa tsambapo, siitsatira mawu. Ngati a sekilitale anawonjezera ndime pa tsamba 2 atatumiza kale, bajeti nkutsikira mmunsi, utoto wa a msungichuma ukagwera pa mzere wina, mwina pa ndalama ya thiransipoti, anthu nkumakangana za chinthu chomwe sichinalakwike. Ndiye lipoti likatuluka kupita kokaunikidwa lisakhudzidwenso mpaka onse abweze. Akamakonza mu Word, komenti iliyonse aiyankhe ndi Reply kapena aipatse Set Status, kaya Accepted, Rejected kapena Completed, kuti a msungichuma aone kuti mawu awo sanagwere pansi.

Za chidindo. Pa Stamp pali zopangidwa kale monga Draft, Approved, Confidential, ndi zina za gulu la Dynamic zomwe zimalemba zokha dzina lanu, tsiku ndi nthawi, koma zimatenga pa wotchi ya kompyuta, ngati laputopu yanu imasokoneza deti magetsi akazima yang'anani kaye. Draft ikani pomwe lipoti likuyamba kuzungulira, Approved aike a tcheya okha pa PDF yatsopano yokonzedwa kale, osati pa yodzadza makomenti ija. Ndipo bambo amene munafunsa ngati chidindochi chikulowa mmalo mwa siginecha, ayi. Nacho chili pamwamba pomwe paja, aliyense amene walandira fayilo atha kuchidina nkuchichotsa kapena kuika chake. Chimodzimodzi kabokosi kakuda komwe ena amaphimbira nambala ya akaunti ya ku banki, munthu amangokasuntha nambala ili poyera, ntchito yobisa ndi ya Redact yomwe mu Reader yaulere mulibe.

Mukapita kokapulinta kutauni kuja pafupi ndi msika, muwauze aone pa Comments & Forms. Document and Markups itulutsa utoto wonse, Document and Stamps itulutsa lipoti ndi chidindo chokha, Document itulutsa lipoti loyera. Tiyeni tsopano atatu mubwere kutsogolo, ndakutumizirani fayilo ija pa gulu, tiyambe ndi kukonza mayina.