Makalata a Omvera: Tsiku Lopereka Ntchito Layandikira, Ntchito Sinathe

"Ndine mayi womasulira mabuku. Ndinagwirizana ndi kasitomala kuti ndimupatse buku la malangizo la masamba 120 Lachisanu pa 14 mwezi uno. Ndagwira masiku 13 ndipo ndamaliza masamba 78 okha. Mndandanda wawo wa mawu oti ndiwagwiritse ntchito pomasulira unabwera mochedwa ndi masiku 3, mwana wanga anadwala masiku 2, komanso m'bukumo muli matebulo ambiri amene sindinawaganizire. Ndikuchita manyazi. Kodi ndipemphe masiku awiri oonjezera, kapena ndilimbikire usiku ndi usana, ndione pa 14 pomwepo?"

Zikomo mayi. Uthenga wanu tauwerenga m'mawa uno wa Lolemba pa 10, ndiye mwayi ulipo, chifukwa mukanena lero kasitomala akhala ndi masiku anayi oti asinthe dongosolo lake. Mukadikira Lachisanu masana, sikukhalanso kupempha, kukhala kumuuza kuti mwamugwiritsa fuwa la moto. Paja mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Koma manyazi si amene andidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu. Chandidetsa nkhawa ndi masiku awiri mwatchulawo, chifukwa ndikuona kuti mwawatenga mumtima, simunawatenge pa kalendala.

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Masamba 78 pa masiku 13 ndiye kuti mumamaliza masamba 6 pa tsiku. Mwina pogwirizana ntchitoyi munkaganiza za masamba 8, koma liwiro lanu lenileni pa buku ili ndi 6, ndipo ndi limeneli tigwiritse ntchito. Atsala masamba 42, omwe akufuna masiku 7. Kenako buku lonse likufunika kuliwerenganso, kukonza zolakwika ndi kuona ngati mawu akufanana kuyambira mutu woyamba mpaka womaliza. Apa ikani masiku 2. Onjezerani tsiku limodzi la zogwa mwadzidzidzi, poti mwana amene anadwala sabata yatha sanalonjeze kuti sadwalanso. Onse pamodzi ndi masiku 10 ogwira ntchito. Mukayamba kuwerenga lero, kudumpha Loweruka ndi Lamlungu, mufika Lachisanu pa 21.

Mwaona? Masiku awiri anu akanakufikitsani Lachiwiri pa 18, tsiku lomwe mukanakhala mwangomaliza kumasulira, kuwerenganso kusanathe. Mukanabwereranso kukapempha kachiwiri. Kasitomala amamvetsa pempho loyamba ngati lili ndi mutu, koma lachiwiri limamuuza kuti tsiku lililonse limene mungatchule ndi longoyerekeza. Ndiye pemphani sabata yathunthu kamodzi. Zolimbikira usiku ndi usana zija musaziike m'masamu. Masamba omasulira munthu akuwodzera ndi amene amadya nthawi yambiri powakonza.

Musanalembe kalikonse, tsegulani pangano lanu. Onani ngati muli ndime yonena za kuchedwa: ena amadula malipiro pa tsiku lililonse lopitirira, ena amafuna kuti pempho losintha tsiku likhale lolembedwa ndipo lifike pasadakhale. Onaninso ngati munalembamo tsiku loti iwo akupatseni mndandanda wa mawu uja, chifukwa ngati lilimo, masiku 3 amenewo si chifundo chomwe mukupempha.

Tsopano zifukwa. Muli nazo zitatu, koma sizilemera mofanana. Cha mndandanda nenani ngati nkhani ya masiku chabe: unayenera kufika tsiku lakuti, unafika tsiku lakuti. Musaloze munthu chala, mwina amene anachedwetsayo ndi yemweyo akuwerenga kalata yanu ndipo ndiye akakuyankhulireni kwa abwana ake. Cha matebulo ndi chanu, vomerani m'chiganizo chimodzi. Za mwana, ine ndikanangoti panali vuto la pabanja la masiku awiri, osapitirira apo. Kalata yodzaza zifukwa imamveka ngati munthu akudziteteza pa mlandu, ndipo tsiku latsopano limasowa m'kati mwa madandaulo.

Kalata yanu ikhoza kumveka chonchi:

"Bambo, ndikulemba za buku la malangizo lomwe tinagwirizana kuti ndipereke Lachisanu pa 14. Sinditha kulimaliza pa tsikuli, ndipo ndikupempha kuti ndipereke lonse Lachisanu pa 21, isanakwane 12 koloko masana. Mndandanda wa mawu unandipeza patapita masiku 3 kuchokera tsiku lomwe tinapangana, ndipo matebulo atenga nthawi yoposa imene ndinawerengera, zomwe ndi kulakwitsa kwanga. Pa 14 ndidzakutumizirani masamba 78 oyambirira, owerengedwanso ndi okonzedwa, kuti ogwira ntchito pambuyo panga asakhale manja lende. Ngati pali mutu womwe mukuufuna msanga, ndiuzeni ndiyambe umenewo. Chonde ndiyankheni pofika mawa Lachiwiri ngati pa 21 n'potheka."

Mwamva kuti mulibe mawu oti "ndiyesetsa" kapena "cham'kati mwa sabata yamawa". Muli tsiku, deti ndi ola. Mulinso chinthu chogwirika choti alandire pa tsiku lakale lija, ndipo chimenechi n'chimene chimatsitsa mtima wa kasitomala, chifukwa iyenso ali ndi anthu ake amene anawalonjeza. Ngati mumayankhulana pa foni, imbani kaye, koma mukangodula tumizani imelo yobwereza zomwe mwagwirizana. Akakhala chete, musatenge kuti avomera. Tsiku la pa 14 likadali pomwepo mpaka atayankha, ndiye Lachitatu m'mawa mufunsenso.

Nanga akakana? Funsani chomwe chamangirira tsikulo. Nthawi zina ndi tsiku loti buku lilowe ku makina osindikizira kapena msonkhano womwe sungasunthe, ndipo mupeza kuti akufuna mitu iwiri yokha pa tsikulo. Ngati akufunadi lonse, njira zatsala ziwiri: kuchepetsa ntchito mogwirizana, kapena kupeza mnzanu womasulira atengeko masamba. Yachiwiriyi musachite mobisa. Mapangano ambiri amaletsa kupatsa munthu wina zolemba za kasitomala popanda chilolezo, ndiponso malipiro a mnzanuyo achokera m'thumba lanu.

Kalata ina ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wina wokonza mawebusaiti.

"Ndinapempha kale sabata imodzi, anandipatsa, ndipo ikutha mawa. Gawo lolipirira pa intaneti likukanabe. Ndinene chiyani?"

Achimwene, apa zavuta, sindikunamizani. Imelo yokha siyikwanira, imbani foni lero lino. Musabwereze zifukwa za ulendo woyamba, anazimva kale. Nenani chimene chasintha: mwapeza chiyani chomwe simunkachidziwa sabata yatha, ndipo chatsala n'chiyani kwenikweni. Ngati gwero la vutolo simunalipeze, musatchule tsiku lomaliza ntchito, chifukwa mulibe poliwerengera. Tchulani tsiku limene mudzawauze chomwe chavuta, mwachitsanzo pakatha masiku awiri, ndipo tsiku lomaliza mudzalipereke pamenepo. Pakadali pano afunseni ngati webusaiti ingatsegulidwe mawa popanda gawo lolipiriralo, anthu azitha kuona katundu ndi kutumiza maoda. Muwauzenso poyera kuti ngati akufuna kuitana katswiri wina aone gawolo, mumupatsa zonse zofunika. Mwina apempha kuti muchotseko pa malipiro, ndiye musanaimbe mukhale mutadziwa kale pomwe mungalolere.

Nthawi yatithera. Mayi womasulira, imelo ija ituluke dzuwa lisanalowe, ndipo mudzatiuze zomwe akuyankhani.