Uthenga wa mawu: anthu afufuma pa tivi, mizere yakuda yazungulira

Alamu, mwaswera bwanji ku Rosettenville kumeneko? Zithunzi mwanditumizira zija ndaziona. Tiviyo siinaonongeke ayi, musayibweze kwa amene anakugulitsani. Ine sabata ino ndili ku Tembisa ndi ntchito ya madishi, ndiye mvetserani uthengawu marimoti onse awiri ali m'manja, ya tivi ndi ya dekoda. Mukonza nokha.

Tivi yanu yakale ija, ya chimsana, galasi lake linali la muyeso wa 4:3, kutanthauza kuti m'lifupi zigawo zinayi, kukwera m'mwamba zigawo zitatu. Yatsopanoyi ndi 16:9, yotambalala. Koma dekoda mwangoizula kwakale n'kuilumikiza kwatsopano, ndipo iyo sikudziwa kuti mwasintha tivi. Ikutumizabe chithunzi chodulira tivi yakale. Ndiye pali zida ziwiri, chilichonse chikusintha chithunzi mwa nzeru zake. Inu mwakhala mukulimbana ndi rimoti ya tivi yokha, pomwe vuto layambira ku dekoda.

Taonani chithunzi choyamba chija, chimene mizere yakuda yazungulira mbali zonse zinayi, mpira ukuoneka kakang'ono pakati. Mpira wa pa SuperSport umabwera uli wotambalala kale. Dekoda, poganiza kuti ikutumiza ku tivi yakale, yauchepetsa n'kuika mzere wakuda pamwamba ndi pansi. Zimenezo amazilemba kuti Letterbox. Tivi nayo italandira chithunzi cha 4:3 yachiika pakati n'kuwonjezera mizere yake kumanzere ndi kumanja. Pa chithunzi chachiwiri mwakanikiza batani la tivi, yakoka chithunzicho mpaka m'mbali. Mizere ya m'mbali yatha, inde, koma ya pamwamba ndi pansi ikadalipo, ndipo osewera afupika n'kufufuma. Kukoka 4:3 kuti idzaze 16:9 kumanenepetsa munthu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Yambani ndi waya. Ndaona kumbuyoko mukugwiritsabe ntchito mawaya atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira. Ngati dekoda yanu ili ndi bowo lolembedwa HDMI, gulani waya wa HDMI, m'mashopu a zamagetsi m'tauni amapezeka paliponse, ndipo wotchipa amagwira ntchito bwinobwino. Waya wachikasu sunyamula chithunzi chowala cha masiku ano, komanso kawirikawiri tivi imalephera kuzindikira yokha muyeso wa chithunzi chobwera pamenepo. Mukalumikiza, zulani atatu aja, pa rimoti ya tivi mukanikize Source kapena Input, musankhe HDMI imene mwabayapo.

Tsopano tengani rimoti ya dekoda, ya tivi muisiye kaye pampando. Lowani mu Settings, mufufuze pamene pali za chithunzi. Madekoda amasiyana kalembedwe, koma mawu ofuna kuwapeza ndi Aspect Ratio kapena TV Type. Mukapeza pali 4:3, sinthani pakhale 16:9. Ngati pali posankha Resolution, ikani 1080, kapena 720 tivi ikakana. Marimoti ena a DStv ali ndi batani lolembedwa ARC, limene limasintha kaonekedwe ka chithunzi nthawi iliyonse mukalikhudza, ndipo ana amalikonda kwambiri batani limenelo. Tsiku lina chithunzi chikadzasokonekera mwadzidzidzi, muyambe mwayang'ana pamenepo. Musalisokoneze ndi ARC yolembedwa pa bowo la HDMI kumbuyo kwa tivi, iyo ndi ya mawu opita ku sipika.

Dekoda ikakhala bwino, ndiye mutenge rimoti ya tivi. Yanuyo ndi Hisense: lowani mu Picture, mupeze Aspect Ratio, ena amalemba Screen Size. Pa Samsung ndi Picture Size, ndipo marimoti akale ali ndi batani la P.SIZE. Sankhani 16:9. Zolembedwa Zoom, Movie Zoom kapena Panoramic zilekeni. Panoramic ndi yachinyengo, imasiya pakati bwino n'kukoka m'mbali mokha, ndiye wosewera akamathamanga kuchokera pakati kupita kukona mumamuona akunenepa akupita. Muchite zimenezi dekoda ikuonetsa, chifukwa ma tivi ambiri amasunga muyeso pa bowo lililonse palokha. Mukakonza pa HDMI 1 sindiye kuti HDMI 2 yakonzekanso.

Poyesa, musayang'ane bwalo lozungulira la pakati pa galaundi, kamera imalijambula cham'mbali ndiye limaoneka lophwatalala nthawi zonse. Dikirani aonetse mpira weniweniwo pafupi, pa kona kapena pa penate. Ukhale wobulungira. Ukaoneka ngati dzira logona, chithunzi chikadali chokokedwa. Kenako yang'anani pakona pamene amalemba zigoli ndi mphindi. Ngati dzina la timu ladulidwa, kapena mawu oyenda pansi pa tchanelo ya nkhani akubisika theka, tivi ikukulitsa chithunzi pang'ono n'kudya m'mphepete. Pa Hisense pezani Overscan muzimitse. Pa LG yatsani Just Scan, pa Samsung ndi Fit to Screen.

Apa ndiye mundimvetse bwino, alamu, chifukwa anthu ambiri amakonza zonsezi kenako n'kuonongeranso madzulo omwewo. Pali mizere ina yakuda imene si vuto. Mafilimu ambiri a ku sinema amajambulidwa motambalala kuposa tivi yanu, pa muyeso wa 2.39:1. Tivi yanu ya mainchesi 43 galasi lake ndi masentimita pafupifupi 95 m'lifupi ndi 53 kukwera. Filimu yotere ikadzaza m'lifupi, kukwera kwake kumangofika masentimita 40, ndiye pamatsala mzere wa masentimita pafupifupi 7 pamwamba ndi wina pansi. Umo ndi mmene anaijambulira. Mukakanikiza Zoom mizere ichoka, koma mwataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chithunzi m'mbali. Anthu awiri akamayankhulana wina uku wina uko, mmodzi mumangomuona mphuno. Ine ndimaisiya mizereyo, maso amazolowera filimu isanapite patali.

Chimodzimodzi vidiyo ya ukwati wanu ija ya ku Mangochi. Inajambulidwa pa kamera yakale ya 4:3, ndiye pa tivi iyi iyenera kukhala pakati, masentimita 71 m'lifupi, ndi mizere ya masentimita 12 mbali iyi ndi iyo. Mukaiika, sinthani tivi ikhale pa 4:3 kapena Automatic, apo ayi achemwali anga aoneka onenepa ndipo mlandu wake ine sindiulowa. Mukamaliza mubwezere pa 16:9. Mavidiyo a pa foni ojambulidwa foni ili chilili, ngati amene amatumiza akumudzi, mizere yake imakhala ikuluikulu ndipo palibe batani labwino loichotsera.

Mukalowa mu YouTube kapena Netflix ya mu tivi momwemo, mutha kupeza Aspect Ratio yazilala, sikulola kusankha. Si kuonongeka, mapulogalamu amenewo amasankha okha muyeso. Ndipo tchanelo imodzi yokha ikamaoneka yokokedwa pomwe zina zonse zili bwino, vuto lili kwa otumiza, tivi musaikhudze.

Mizere yoyenera kudandaula nayo ndi imene imakhalabe ngakhale mwatsegula Settings ya tivi, n'kuphimba zolembazo, kapena ili mbali imodzi yokha. Imeneyo ndi ya galasi kapena zam'kati, rimoti siingathandize. Mukatsatira zonsezi, ikani tchanelo ya mpira, jambulani tivi yonse kuti makona anayi aoneke, munditumizire ndione.