Sefa ya mawu oletsedwa ikukudyerani anthu abwino, sipamu ikudutsa

Takulandiraninso abale anga. Lero ndabwera nditakwiya pang'ono, komatu ndakwiyira ine ndemwe, mumva chifukwa chake. Ngati ndinu adimini, kapena muli ndi malo pa intaneti pamene anthu amakuyankhani n'kumakambirana, khalani pompo osasuntha. Batani la Subscribe lili pansipo, dinani tsopano chifukwa ndikudziwa kumapeto mumathawa.

Tiyambe ndi zophweka, mwachangu. Zimene zimakufikani zili mitundu itatu. Pali sipamu, pali wotsutsa, pali wongofuna ndewu. Sipamu nthawi zambiri si munthu, ndi pulogalamu yongomwaza uthenga umodzi malo masauzande kuti linki yake ioneke. Wotsutsa ndi munthu amene wawerenga ndipo sakugwirizana nanu. Wandewu uja sanawerenge, akungofuna mupse mtima. Vuto limayamba mukatenga mankhwala amodzi kumwetsa onse atatu.

Choyamba, sipamu muidziwa bwanji? Yesani ichi: tengani uthengawo, m'maganizo mwanu muuike pansi pa nkhani ina iliyonse. Ukakwanabe, ndi sipamu. "Nkhani yabwino kwambiri, ndaphunzira zambiri, pitirizani", kenako dzina la wolemba ndi dzina la malonda, linki ili pompo. Munthu weniweni amatchula kanthu kamene munanena, ngakhale akutukwana.

Chachiwiri, malinki. Mu WordPress, pulogalamu yopangira masamba a pa intaneti, pitani ku Settings kenako Discussion, mupeza kuti uthenga wa malinki 2 kapena kuposa umayamba wadikira kuti muuone. Zisiyeni choncho. Ena amatsitsa kufika pa 1, ndiye munthu amene wabweretsa umboni wa zimene akunena nayenso amakakamira pamzere pamodzi ndi ogulitsa mapilisi. Pomwepo palinso kabokosi koti munthu amene munamuvomerapo kamodzi azingodutsa ulendo wotsatira. Chongani, basi. Mlendo yekha ndiye amadikira.

Chachitatu, apa ndiye pali nkhani yanga, khalani bwino.

Pali bodza limene ndalimva kambirimbiri, loti ukalemba mndandanda wautali wa mawu oletsedwa ndiye kuti wathana nazo, ukagone. Aaa ayi. Ndinachitapo zimenezo ine, ndinalemba mawu onse achipongwe amene ndinawakumbukira usiku umodzi, n'kumadziona ngati katswiri.

[Pa sikirini: mndandanda wa mawu]

```
mbuzi
bulu
fisi
kuba
kupha
```

Onani mndandandawo. Ukuoneka wanzeru eti? Nayi nkhani imene sindinaiwerenge ngakhale inalembedwa pamwamba pa bokosi lolembamo mawuwo mu WordPress: sefa imeneyi simaona mawu athunthu, imaona zilembo zotsatizana, ngakhale zili m'kati mwa mawu ena. Eni ake amapereka chitsanzo choti ukaletsa "press" ndiye kuti "WordPress" nayo yagwidwa. Tsopano bweretsani zimenezo ku chilankhulo chathu chimene mawu ake amamatirirana kutsogolo ndi kumbuyo. Mwaletsa "mbuzi", wagwidwa munthu amene walemba "chimbuzi". Mwaletsa "bulu", "buluzi" wapita. "Fisi" wadya aliyense amene amalemba "ofisi". Koma zoopsa ndi ziwiri zam'munsizo. "Kuba" ali mu kubadwa, kubanja, kubala, kubanki. "Kupha" ali mu kuphatikiza, mawu amene munthu aliyense wofotokoza bwinobwino amawagwiritsa ntchito. Ndiye taganizani, munthu wakhala pansi mphindi khumi kulemba maganizo ake mwaulemu, waika "kuphatikiza" penapake, wadina kutumiza, uthenga wake wapita kudzala, iye sakudziwa, inu simukudziwa, mawa abweranso alembe kachiwiri zichitikenso chimodzimodzi, kachitatu sabweranso ndipo akauza anzake kuti adimini uja amafufuta anthu.

Ndipo musaganize kuti ndi umbuli wathu wokha. Mu 1996 kampani ya AOL inakaniza anthu a m'tauni ya Scunthorpe ku England kutsegula maakaunti, chifukwa m'kati mwa dzina la tauni yawo muli zilembo zinayi zimene m'Chingerezi ndi mawu otukwana. Kampani yaikulu, ya akatswiri olipidwa. Mpaka lero vuto limeneli amalitchula ndi dzina la tauni imeneyo.

Nanga sipamu yeniyeni, sefa yanu yaigwira? Kutalitali. Wa sipamu satukwana, ndi waulemu kuposa tonsefe. Ndipo akadziwa kuti mawu ena ndi oletsedwa amangosintha chilembo chimodzi n'kuika nambala, kapena kuika kadontho pakati, wadutsa. Wandewu nayenso chimodzimodzi, alemba "mbu zi" motalikitsa, wadutsa. Amene amagwidwa ndi munthu wosalakwa yekha, chifukwa iye sakuzemba kanthu.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira, ndi zimene ndakwiyira zija. Ndinafotokozapo za kakonzedwe ka memoli khadi, ndinauza anthu kuti asankhe FAT32 chifukwa imawerengeka pafupifupi pa chipangizo chilichonse. Munthu wina anandilembera, mawu ake anali oti mbuzi iwe ukunamiza anthu, FAT32 siilola fayilo imodzi yoposa 4 GB, vidiyo yanga yakana kulowa. Mawu oyambawo ndi chipongwe, inde. Koma otsatirawo ndi zoona zenizeni, malire amenewo alipodi, ndipo wa mafayilo akuluakulu amafunika exFAT. Sefa yanga inaona "mbuzi" n'kutaya zonse. Ndinakaupeza uthengawo patapita masabata atatu ndikufufuza zina mu Trash, ndipo nthawi yonseyo anthu ena amatsatira malangizo anga operewerawo. Mwayi wake sanakwane masiku 30, chifukwa akakwana WordPress imakhuthula dzalalo yokha.

Ndiye mukuti tisasefe? Sefani, koma onani kumene mukuponya. Pa tsamba la Discussion lija pali mabokosi awiri. Lam'mwamba limaimika uthenga kuti muuone kaye. Lam'munsi, lolembedwa Disallowed Comment Keys, limataya osakufunsani. Mawu achipongwe onse aziikidwa m'mwamba. M'munsi muziika zokhazo zimene munthu wabwino sangalembe mwangozi, monga adiresi ya tsamba la sipamu limene lakuvutitsani kakhumi. Ndipo musanaike mawu alionse afupiafupi, khalani kaye muganize mawu atatu amene ali ndi zilembo zomwezo m'kati. Mukawapeza, asiyeni.

Mwa njira, amene mwafika pano, ndipatseni layiki, zimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena. Ndipo ngati muli ndi mawu ena amene sefa inakudyerani ndiuzeni, ndikufuna ndiseke nawo.

Chachinayi, batani la Spam si la anthu amene akukunyansani. Ngati mumagwiritsa ntchito Akismet, pulogalamu yosefa sipamu imene inayamba mu 2005, mukadina Spam mukuphunzitsa makinawo kuti uthenga wotere ndi zinyalala. Mukamaponyamo otsutsa, mukuwaphunzitsa zolakwika. Wofunika kuchotsa chotsani ndi Trash. Komanso muzisuzumira mu foda ya sipamu kamodzi pa sabata, chifukwa Akismet imafufuta zimene zakhalamo masiku 15, ndipo nthawi zina mumagwera anthu enieni.

Chachisanu, wotsutsa mumuyankha bwanji? Tibwerere kwa mkulu wa mbuzi uja. Ndinaubweza uthenga wake, ndinayankha mizere itatu. Ndinati mwanena zoona za 4 GB, ndakonza ndipo ndalemba kuti ndakonza, koma mawu oyamba aja kuno sitigwiritsa ntchito. Basi. Sindinafotokoze kuti ndinali wotopa, sindinamufunse kuti iye walembapo chiyani. Mfundo yake ndinaiyankha, chipongwe chake ndinachitchula kamodzi. Ndipo taonani, kukonza mwakachetechete osanena ndi kulakwa kwina, chifukwa obwera pambuyo awerenga zokonzedwa kale n'kumuona wotsutsayo ngati wamisala.

Lamulo langa ndi loti ndimayankha kawiri. Akabwera kachitatu ndi mfundo yatsopano, tipitiriza. Akabwera ndi yomwe ija koma mokweza mawu, ndimasiya, owerenga ali ndi maso. Ndipo ndikapsa mtima sindiyankha tsiku lomwelo, ndimalemba yankho penapake, m'mawa ndikaliwerenga theka limakhala lochititsa manyazi.

Kufufuta wotsutsa amene akunena zoona kuli ndi mtengo wake, masiku ano anthu amajambula sikirini asanatumize n'komwe. Mu 2003 woimba wa ku America Barbra Streisand anasumira wojambula zithunzi kuti achotse pa intaneti chithunzi cha nyumba yake. Asanasume, chithunzicho chinali chitatsitsidwa kasanu n'kamodzi kokha, kawiri ndi maloya ake omwe. Nkhani itamveka, mwezi wotsatira anthu oposa 420,000 anakaona tsambalo.

Chachisanu n'chimodzi, zochotsa osakambirana: kuopseza munthu, kuika nambala ya foni kapena kumene wina amakhala, kunyoza mtundu wa anthu. Izi chotsani, jambulani kaye sikirini musunge, makamaka zoopseza.

Chomaliza, malamulo anu alembeni poonekera, mizere inayi yakwana, ndipo mukachotsa uthenga pakati pa zokambirana siyani kamzere konena kuti mwachotsa chifukwa cha lamulo liti. Mukapanda kutero mayankho a ena amatsala akulendewera, ngati anthu akukangana ndi mphepo.

Pali kabokosi kena kotseka zokambirana pa nkhani zakale, kamabwera ndi masiku 14. Sipamu imakonda nkhani zakale, zoona, koma masiku 14 ndi ochepa ngati anthu amakupezani pofufuza patapita miyezi. Mkulu wa 4 GB uja akanapeza chitseko chotseka. Ine ndinaika 180.

Sabata yamawa tiona kamsampha kotchedwa honeypot, kabokosi kobisika kamene munthu sakaona koma pulogalamu ya sipamu imakadzaza n'kudziulula yokha, popanda kuvutitsa anthu ndi zithunzi za CAPTCHA zija zotsimikizira kuti ndinu munthu. Dinani kabelu kuti isakupiteni. Panopa pitani mukatsegule Trash yanu, muone amene ali m'menemo.