Uthenga wa mawu kwa mwana wa achimwene: tiketi ndi pulatifomu pa sitesheni ya TAZARA ku Dar es Salaam

Mwana wanga, ndine azakhali ako, ndikulankhula ndili kuno ku Kapata, ukamva phokoso ndi la msika. Amayi ako andiuza kuti wafika bwino ku Dar, katundu wagula, ndipo pobwera ukufuna kukwera sitima chifukwa basi inakupweteka msana. Wachita bwino. Koma iwe sitima sunakwerepo, ndipo sitesheni yomwe ukuidziwa ndi yathu ino ya ku Chipata, ya njanji yopita ku Mchinji ija anatsegula mu 2010, pomwe sunaonepo khamu la anthu likuthamangira mabogi. Kumeneko nkwina. Khala pansi umvetsere, uthengawu usaufufute mpaka utakhala pampando wako.

Choyamba, ku Dar kulibe sitesheni imodzi. Ukangouza wa takisi kapena wa bajaji kuti "sitesheni", angathe kukutengera m'tauni, komwe kuli sitima yatsopano yamagetsi ija inayamba mu 2024, yopita ku Morogoro ndi ku Dodoma. Nyumba yake njokongola, koma imeneyo si yako, siibwera ku Zambia. Iwe unene kuti TAZARA, ubwerezenso, TAZARA. Ili kunja pang'ono kwa tauni, njira yopita ku bwalo la ndege, pomwe msewu wa Nyerere ukumana ndi wa Mandela, pali mlatho wa magalimoto wodutsa pamwamba. Nyumba yake ndi yaikulu, yakale, ya m'zaka za m'ma 1970 pomwe anthu a ku China anamanga njanjiyi. Ukauona mlathowo ndi chinyumbacho, wafika.

Usadikire tsiku la ulendo kuti ukagule tiketi. Pita mawa lomwe, m'mawa, wopanda katundu, utenge pasipoti ndi ndalama za mashilingi basi. Sitimayi siinyamuka tsiku lililonse, ndipo masiku ake amasintha, choncho usadalire zomwe wakuuza mnzako amene anakwera chaka chatha, ngakhale ine amene. Ukafunse pawindo pomwepo. Malo ogona ndi amene amayamba kutha, ndiye ukachedwa udzapeza mipando yokha, ulendo wa makilomita 1,860, mausiku awiri uli chikhalire.

Polowa pageti udzakumana ndi anyamata okulonjera bwino, ena mpaka kukuitana "dada", akuti ali ndi tiketi kapena akuthandiza kudumpha mzere. Uwayankhe mwaulemu nkupitirira. Ndalama yako ipite m'dzanja la munthu amene wakhala kuseri kwa windo logulitsira matikiti, osati wina aliyense. Mawindo alipo angapo, ndiye usanaime pamzere, funsa wa yunifomu kuti windo la sitima ya ku Zambia ndi liti, chifukwa pa sitesheni yomweyo amagulitsanso matikiti a sitima zina zothera m'Tanzania momwemo.

Ukafika pawindo unene zinthu zitatu: komwe ukupita, tsiku, ndi kilasi. Komwe ukupita ndi New Kapiri Mposhi, ndi pomwe njanji ya TAZARA imathera. Ndiye ufunse funso ili, usachite manyazi: kodi tiketi iyi indifikitsa ku Kapiri ndili m'sitima yomweyi, kapena ndikatsike pamalire? Malire ndi Tunduma mbali ya Tanzania, Nakonde mbali yathu. Zakhala zikuchitika nthawi zina kuti sitima imathera pamalire, anthu nkusintha kukwera ina, mwinanso kugula tiketi ina ya makwacha. Ngati zili choncho uyenera kudziwa ukadali ku Dar, kuti usamalize ndalama zonse pogula nsalu.

Za kilasi, ine ndikuti utenge yogona. Fesiti kilasi ndi kachipinda ka mabedi anayi, awiri pansi awiri pamwamba. Sekondi kilasi ndi mabedi asanu ndi limodzi, atatu uku atatu uku, ndiye mumapanikizana pang'ono koma mtengo umatsika. Zotsalazo ndi za mipando. M'tizipinda togonamo amuna amawaika paokha, akazi paokha, pokhapokha banja litalipira kachipinda konse. Nchifukwa chake uonetsetse kuti wogulitsayo wakulemba kuti ndiwe mkazi, makamaka ngati wina adzakugulira iwe kulibe. Mayina athu ena sasonyeza kuti ndi a mwamuna kapena a mkazi kwa munthu wa Chiswahili. Upemphenso bedi lapansi ngati lilipo. Lapamwamba kumatentha, ndipo kutsika usiku sitima ikugwedezeka nkovuta.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna umve bwino. Akakupatsa tiketi, usachoke pawindo. Anthu akumbuyo akankhane, iwe ima pomwepo uiwerenge. Yang'ana dzina ngati likufanana ndi la m'pasipoti. Yang'ana tsiku. Yang'ana kuti alemba New Kapiri Mposhi, osati Mbeya kapena Tunduma. Kenako manambala awiri amene adzakupulumutse pa pulatifomu, nambala ya bogi ndi nambala ya kachipinda kapena bedi. Bogi pa Chiswahili amati behewa. Ngati zalembedwa pamanja ndipo sukutha kusiyanitsa 1 ndi 7, muuze akuwerengere, iwe ulembe wekha papepala lina. Cholakwika chokonzedwa pawindo chimatenga miniti imodzi, koma ukachizindikira sitima itaima kale, palibe amene adzakhale ndi mpata wokumvera. Ukatero uijambule tiketiyo ndi foni, unditumizire inenso.

Nthawi yonyamuka, imeneyi inandigwetsa ine ulendo wanga woyamba, ndiye ndikhalapo pang'ono. Kuli misampha iwiri. Woyamba ngwakuti Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Kwathu ikakhala 14 awazi, kumeneko ndi 15 awazi. Ona foni yako pompano ngati inasintha yokha utadutsa malire, uyerekeze ndi wotchi ya pamalo pomwe ukugona. Foni ikatsalira pa nthawi ya ku Zambia, iwe udzafika ukuti ndalawirira, pomwe wachedwa ndi ola lathunthu.

Msampha wachiwiri ndi kawerengedwe ka Chiswahili. Iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. 7 koloko m'mawa amati saa moja, ndiye kuti ola loyamba. Choncho nthawi yomwe akuuza pakamwa imasiyana ndi ya pawotchi ndi maola 6. Ine munthu wina pamzere anandiuza kuti sitima inyamuka "saa kumi". Kumi ndinkaidziwa kuti ndi 10, ndiye ndinadzuka mbandakucha, kufika ndi katundu yense 8 koloko isanakwane, holo ili pululu, wosesa yekha ndi tsache lake. Saa kumi ndi 16 awazi. Ndinakhala pachikwama changa tsiku lonse. Pamenepo ndinangotaya nthawi, koma tangoganiza zitatembenuka. Akuuze kuti ofesi ya katundu imatsegula "saa mbili", iwe nkumati ndi 2 koloko masana, pomwe akunena 8 koloko m'mawa.

Tiyeni tiyese. Tinene kuti patiketi alemba 15:50, ndangopereka chitsanzo, iwe utsate zomwe akulembere. Wa ku Dar adzati saa kumi kasoro dakika kumi, kutanthauza kuti kwatsala maminiti 10 kuti ikwane saa kumi. Pa foni yotsalira ku Zambia imeneyo ndi 14:50. Nthawi imodzi, mayina atatu. Njira yosavuta njakuti aliyense wokuuza nthawi umupatse cholembera alembe manambala, kapena akulozere pawotchi.

Tsiku la ulendo ufike kutatsala maola atatu, popeza uli ndi katundu wa malonda. Zikwama zazing'ono umalowa nazo m'kachipinda, koma mabelo ndi makatoni akuluakulu amakapimidwa pasikelo, umalipira padera, nkupita m'bogi ya katundu. Zimenezi ukafunse mawa lomwelo pogula tiketi, kuti amalandira katundu nthawi yanji ndi khomo liti. Lemba dzina lako ndi New Kapiri Mposhi pa belo lililonse ndi cholembera chachikulu chosafufutika, ndipo lisiti ya katundu uisunge pamodzi ndi pasipoti, m'kachikwama ka m'kati mwa chitenje, chifukwa popanda lisiti ku Kapiri udzavutika kuwatenga.

Ukatha zimenezo ukakhale mu holo yodikirira. Sudzaloledwa kungopita kunjanji nthawi yomwe wafuna, makomo a ku pulatifomu amatsegulidwa nthawi yokwera ikakwana. Sankha pokhala pomwe ukuona makomowo. Udzamva anthu olankhula Chibemba kapena Chinyanja chathu, amayi a malonda anzathu, ukhale pafupi nawo. Sitima ya ulendo wautali imatha kuchedwa, mwina maola angapo, koma usatuluke kukafuna chakudya kutali. Gula madzi ndi zodya usanalowe.

Pulatifomu ndi khonde lalitali lasimenti lomwe sitima imaima pambali pake, ndipo khonde limodzi limatha kukhala ndi sitima uku ndi uku. Pamenepa ndi pomwe obwera kumene amasochera. Cha kumadzulo pamanyamukanso sitima ya anthu ochokera kuntchito, yopita ku Mwakanga, kunja kwa mzinda. Ukaona anthu adzambatuka, usangothamanga nawo. Ayang'ane kaye. Ngati anyamula tizikwama ta m'manja tokha, opanda mabulangeti, opanda masutukesi, amenewo akupita kunyumba kukagona, si anzako a ku Kapiri. Zolengeza pa chimkuzamawu zimakhala zambiri m'Chiswahili ndipo mu holo yaikulu mawu amamveka mwa apo ndi apo, ndiye tchera khutu ku mawu awiri okha, Zambia ndi Kapiri.

Pakhomo pali woona matikiti. Mpatse tiketi, umufunse kuti pulatifomu iti, akulozere ndi dzanja. Ukafika pa sitimayo usakwere bogi yoyamba yomwe waipeza poganiza kuti udzayenda m'kati. Tinjira tam'kati ntopapatiza, munthu wa sutukesi akakumana ndi mnzake palibe wodutsa. Yenda panja pakhondepo ukuwerenga manambala a mabogi mpaka upeze yako. Sitimayo ndi yaitali, usadabwe ukayenda kamtunda. Pakhomo la bogi yogona pamakhala wantchito woyang'anira bogiyo. Muonetse tiketi, umufunse mawu awiri, "Kapiri Mposhi?" Akavomera, ndiye ukwere. Wafunsa pakhomo la holo, wafunsanso pakhomo la bogi, anthu awiri a yunifomu sangakusocheretse onse. Ndipo ukapeza kuti uli khonde lolakwika, usadumphire pansi kudutsa njanji, bwerera uzungulire momwe anthu akudutsira.

Ukalowa m'kachipinda nkupeza wina wakhala pabedi lako, usakangane naye. Itana woyang'anira uja, aone matikiti onse awiri, ndi ntchito yake. Tiketi usaitaye ngakhale ataiona kale, amaifunsanso m'njira. Usunge mashilingi pang'ono ogulira chakudya mpaka ku Tunduma, ndi makwacha oyambira ku Nakonde, ndipo mukangowoloka ubweze wotchi ndi ola limodzi.

Ukatsika ku Kapiri udzafunika basi ya ku Lusaka, kenako ya kuno, koma zimenezo ndikuuza mu uthenga wina, kasitomala wandiimirira apa akufuna chitenje. Mawa ukangochoka pawindo paja unditumizire chithunzi cha tiketi, ndiione ndi maso anga.