Maperesenti a chakudya tiwasandutse magalamu

Zikomo nonse, azimayi ndi azibambo, amene muli kumbuyoko mukundimva eti? Chabwino. Sabata yatha mayi wina anandionetsa kapepala kolembedwa kuti makalori 1,800 pa tsiku, 50 peresenti zopatsa mphamvu, 25 peresenti zomanga thupi, 25 peresenti mafuta, ndiye akuti nanga zimenezi ndiziika bwanji m'mbale? Funso labwino, paja sikelo simayeza peresenti, imayeza magalamu. Tulutsani mafoni, tsegulani kakyuleta tipange limodzi.

Choyamba, peresenti imeneyi ndi ya makalori, omwe ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi, osati ya kulemera kwa chakudya ayi. Tiyerekeze kuti 1,800 ija ndi ndalama zokagulira zinthu kumsika. Theka lake, 900, lapita ku kabohaidireti, zija zopatsa mphamvu ngati nsima, mbatata ndi mpunga. 25 peresenti ya 1,800, dinani 1800 × 25 ÷ 100, mwapeza zingati? 450, eya. Ndiye 450 ku puloteni, zija zomanga thupi, 450 inanso ku mafuta. Mukaphatikiza 900 ndi 450 ndi 450 ikubwera 1,800 yathu ija.

Tsono chilichonse chili ndi mtengo wake. Galamu imodzi ya kabohaidireti ndi makalori 4, galamu imodzi ya puloteni ndi 4 yemweyo, koma galamu imodzi ya mafuta ndi 9, mafuta ndi odula abale. Ndiye tigawe. 900 kugawa ndi 4, magalamu 225 a kabohaidireti. 450 kugawa ndi 4, ikubwera 112.5, tingoti 112 a puloteni, kahafuko musavutike nako. 450 kugawa ndi 9, magalamu 50 okha a mafuta. Mwaona? Peresenti yofanana, 25 uku 25 uku, koma kwina 112 kwina 50.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa, amagawa zonse ndi 4 basi chifukwa dzanja lazolowera, ndiye munthu akulemba kuti mafuta 112, pamene magalamu 112 a mafuta ndi makalori opitirira 1,000, osati 450, ndiye patha mwezi akudabwa kuti bwanji siketi ikundithinabe chonsecho ndikutsatira pepala. Kuti mudzigwire nokha, bwererani m'mbuyo, chulukitsani 225 ndi 4, 112 ndi 4, 50 ndi 9, muphatikize. Ikubwera 1,798, yasiyana ndi 2 chifukwa cha kahafu tinataya kaja, palibe vuto. Koma ikabwera 2,300 ndi kuposa, dziwani kuti mafuta mwagawa ndi 4.

Achimwene uko akufunsa kuti ndiye ndigule nyama ya magalamu 112? Ayi bambo, apo ndiye pali nkhani. 112 imeneyi ndi puloteni yeniyeniyo yomwe ili mkati mwa chakudya, nyama ili ndi madzi ambiri komanso mafuta. Dzira limodzi lili ndi puloteni pafupifupi magalamu 6 basi, ndiye mutati mukwanitse 112 ndi mazira okha mudya 18 kapena 19, musaseke, ndipo dzira lililonse limabweranso ndi mafuta ngati magalamu 5, ndiye mazira 18 akupatsani mafuta 90, mwadutsa kale 50 uja musanathire n'komwe mafuta mu ndiwo. Chakudya sichibwera ndi chinthu chimodzi. Nyemba zouma magalamu 100 zili ndi puloteni cha m'ma 21, koma kabohaidireti wake ndi cha m'ma 60, ndiye zimalowa mbali ziwiri. Nsinjiro nazo, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, mukathira magalamu 30 mu nkhwani mwatenga mafuta ngati 15.

Mafuta ophikirawa, supuni yaikulu imodzi ndi magalamu pafupifupi 14, ndiye 50 yonse ija ndi masupuni atatu ndi theka tsiku lonse, kuwerengera ndi zitumbuwa za m'mawa zomwe. Ufa wa chimanga magalamu 100 uli ndi kabohaidireti cha m'ma 75, kutanthauza kuti ufa wokwana magalamu 300 wamaliza 225 yonse, nyemba ndi shuga wa mu tiyi zasowa malo. Ndipo muziyeza ufa musanaphike, nsima yophika ikulemera ndi madzi.

China, mukasintha makalori masamu onse ayambirenso. Mukatsika kufika 1,500 ndi maperesenti omwewo, puloteni ikhala 375 kugawa ndi 4, pafupifupi 94, chonsecho thupi ndi lomwelo, n'chifukwa chake ine ndimakonda kuti munthu akatsitsa makalori aonenso peresenti ya puloteni, asangoisiya. Amene muli ndi shuga, vuto la impso kapena ndinu oyembekezera, manambala anu mukatenge kuchipatala, a 1,800 awa ndi ophunzirira chabe.

Tiyeni tiyese ina, makalori 2,000, maperesenti 50, 20 ndi 30. Amayi a kutsogoloku, mafuta mwapeza magalamu angati? 67, eya, kuchokera pa 600 kugawa ndi 9. Nanga puloteni, ndani wamaliza?